Wandale apemphere nafe, koma kamera ya mpingo isamutsate

Lamulungu lina, kutatsala masabata asanu kuti anthu akavote, ndinali pakona ya tchalitchi kuseri kwa laputopu, mahedifoni ali kukhutu, ndikuulutsa mapemphero pa tchanelo ya mpingo wathu. Kwaya itangomaliza nyimbo yachiwiri, anthu anayamba kucheukira kukhomo. Analowa bambo wina amene nkhope yake inali pa zikwangwani msewu wonse, anyamata atatu akumutsatira. Wolandira alendo anamutengera ku mpando wakutsogolo, pafupi ndi akulu a mpingo. Mnyamata amene anali pa kamera yachiwiri anachita zimene aliyense wogwira kamera amachita anthu akacheuka: anaitembenuzira komweko n'kuyandikitsa nkhope. Ine ndinadina batani, chithunzicho chinapita kwa oonera.

Nthawi ya zolengeza, wotsogolera mapemphero anati, "Tili ndi mlendo wolemekezeka pakati pathu, angotipatsako moni." Moniwo unatenga mphindi zinayi. Bamboyo sanatchule chipani chake, sananene kuti mundivotere. Anati anakulira m'banja lopemphera, anaona kuti denga la tchalitchi likudontha, ndipo Mulungu akalola zinthu zisintha posachedwa. Anthu ena anaomba m'manja. Abusa, mwa chizolowezi chawo ndi mlendo aliyense, anamuika dzanja paphewa n'kumupempherera.

Lachiwiri m'mawa mlongo wina wa mu kwaya ananditumizira kavidiyo ka masekondi 38. Munali dzanja la abusa paphewa la bamboyo, kuomba m'manja kumene kunachitika mphindi ziwiri pempherolo lisanayambe koma atakusunthira pambuyo pa ameni, nyimbo ya chipani pansipansi, ndi chizindikiro cha mpingo wathu pakona, chimene ine ndinachiika ndi manja anga kuti mavidiyo athu azidziwika. Pansi pa kavidiyoko mlongoyo anangolemba kuti, "Achimwene, kodi mpingo wasankha kale?"

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena poyera: nthawi ya kampeni, munthu wopikisana pa chisankho asaoneke kapena kumveka m'vidiyo ya mpingo, kaya ndi wa chipani chiti, kaya ndi membala wobatizidwa konkuno. Alowe, akhale, aimbe, apereke chopereka, adye mgonero ngati ali woyenera. Koma kamera isamutsate, ndipo maikolofoni yopita pa intaneti izitsekedwa akaimirira. Zimenezi ndikunenera tchalitchi chifukwa ndi kumene ndimatumikira, koma mzikiti kapena gulu lililonse la chipembedzo limene lili ndi tchanelo likukumana ndi zomwezi.

Atsogoleri ambiri amaganiza kuti nkhani yosalowerera ndale imathera paguwa. Abusa akapanda kutchula dzina la chipani, basi, mpingo uli pakati. Kwa anthu okhala m'tchalitchimo zimenezi n'zoona ndithu. Iwo anaona mapemphero onse a maola awiri ndi theka. Akudziwa kuti abusa amapempherera mlendo aliyense, ngakhale wodzagulitsa mabuku. Anaona kuti amene anaomba m'manja sanakwane theka, ndipo amayi ena kumbuyo anapinda manja. Woonera pa foni saona zonsezi. Iye amaona zimene kamera yamusankhira, ndipo nthawi zambiri amaona chidutswa chimene munthu wina wadula. Ulaliki umamveka tsiku lake n'kupita, koma vidiyo imakhala, imakoperedwa, imadulidwa, imavekedwa nyimbo. Madzi akatayika saoleka.

Choncho m'vidiyo, amene amalankhula m'malo mwa mpingo si abusa okha. Mnyamata wa pa kamera akulankhulanso, posankha nkhope yoti ayandikitse. Wosankha zithunzi pa laputopu akulankhula posankha masekondi amene nkhopeyo ikhale pa sikirini. Wolemba mutu wa vidiyo akulankhula, ndipo mwina ndi amene amamveka kwambiri, chifukwa anthu ambiri amaona mutu ndi chithunzi chapachikuto n'kupitirira osatsegula. Tayerekezani mitu iwiri ya mapemphero omwewo. Woyamba: tsiku, kenako "Mwana wolowerera, Luka 15." Wachiwiri: "Olemekezeka apemphera nafe lero." Wachiwiriwo udzaonedwa ndi anthu ochuluka, aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa, ndipo chiyeso chake chili pomwepo. Koma wachiwiriwo ndi chikwangwani cha kampeni chimene mpingo wakhoma wokha pakhoma lake. Ndipo dziwani kuti mukapanda kuika chithunzi chanu chapachikuto, YouTube imadzisankhira chithunzi m'kati mwa vidiyoyo. Ikhoza kutola nkhope ya mlendo uja inu osadziwa.

Ntchito yolemera chonchi timaisiya m'manja mwa achinyamata odzipereka, ena a zaka 19, opanda malangizo olembedwa. Mnyamata wotero sangamuuze mkulu wa mpingo kuti, "Ayi bambo, mlendo wanuyu sindimujambula." Alibe mphamvu imeneyo, ndipo si bwino kumuyembekezera kuti akhale nayo. N'chifukwa chake lamuloli liyenera kuchokera ku bwalo la akulu, lilembedwe, liwerengedwe pamaso pa mpingo kampeni isanayambe, pamene sizinadziwike kuti adzayamba kubwera ndani. Likabwera pambuyo pake, aliyense amalimasulira kuti lapangidwira munthu wakutiwakuti. Ife tinalakwitsa pomwepa. Titakhazikitsa lamulo patapita sabata, otsatira a chipani china anati mwalola mnzathu alankhule, wathu ndiye mukumutsekera. Anali ndi mfundo, ndipo tinalibe yankho lokwanira.

Ena amati njira yabwino ndi kuitana onse: aliyense apatsidwe mphindi zisanu, onse ajambulidwe mofanana. M'holo zimenezi zimatheka, chifukwa omvera amakhala pamenepo kuyambira woyamba mpaka womaliza. Pa intaneti chilungamo choterocho chimasweka tsiku lomwelo. Mukaika mavidiyo asanu, makina a YouTube kapena Facebook saonetsa munthu onse asanu. Amamuonetsa imene akuganiza kuti aitsegula. Wotsatira chipani ichi aona mpingo uli ndi munthu wake, wa chipani icho aona mpingo uli ndi mdani wake kapena saona chilichonse. Kenako nambala ya oonera imene ili pansi pa vidiyo iliyonse imasanduka ngati zotsatira za chisankho, anthu n'kumajambula sikirini kuti taonani wathu akutsogola ngakhale kutchalitchi. Mukaika onse m'vidiyo imodzi yaitali, chipani chilichonse chimadula gawo lake n'kutaya enawo. Ndiye palinso uja amene sanabwere chifukwa kalata inamupeza mochedwa, kapena woima payekha amene munamuiwala. Kusaonetsa aliyense ndi njira yokhayo imene ndaiona kuti mnyamata wa pa laputopu angathe kuitsata popanda kuweruza anthu.

Tsopano mmene zimachitikira pa tebulo la zoulutsira, chifukwa lamulo losatheka kulitsata ndi manja silithandiza. Ife timagwiritsa ntchito OBS Studio, pulogalamu yaulere imene mipingo yambiri imaulutsira. M'menemo mumakonza maonekedwe osiyanasiyana pa mndandanda wotchedwa `Scenes`. Tinawonjezera amodzi amene alibe kamera ngakhale imodzi: chithunzi cha vesi la tsikulo, nyimbo ya kwaya yathu imene tinajambula kale, ndi mawu akuti mapemphero apitirira posachedwa. Chofunika kwambiri n'chakuti mawu ochokera ku mikisa, makina amene amasonkhanitsa mawu a maikolofoni onse a m'tchalitchi, asakhale m'maonekedwe amenewa. Ambiri amalakwitsa apa: amaika mikisa ngati gwero la mawu la pulogalamu yonse pa `Settings > Audio`, ndiye chithunzi chimasintha koma mawu a mlendo akumvekabe bwinobwino kuseri kwa vesi. Mikisa iikidwe ngati gwero m'maonekedwe okhawo amene ali ndi kamera. Kenako pa `Settings > Hotkeys` mumapatsa maonekedwe a vesi aja batani limodzi, loti ngakhale munthu wanjenjemera alipeza. Muziyesa Loweruka lililonse, wina akulankhula pa maikolofoni, wina akumvetsera pa foni kunja kwa tchalitchi. Ngati wa kunjayo akumva mawu, simunakonze.

Chachiwiri ndi kuchedwetsa. Pa `Settings > Advanced` pali `Stream Delay`. Ife tinaika masekondi 30, kutanthauza kuti chimene chikuchitika tsopano chifika kwa oonera patapita theka la mphindi. Apa pali chinthu chimene anthu samvetsa. Kusintha maonekedwe sikufafaniza zimene zalowa kale mumzere wodikira. Ngati mlaliki wobwera watchula dzina la woti anthu amuvotere, inu n'kudina batani la vesi, mawu ajawo afikabe. Chimene chimawataya ndi `Stop Streaming (discard delay)`, ndiko kuimitsa kuulutsa n'kutaya masekondi amene anali asanatuluke, kenako n'kuyambiranso. Oonera amaona ngati netiweki yadukiza pang'ono. Malire ake ndi oonekeratu: muli ndi masekondi 30 okha oti mumve, muganize ndi kudina. Munthu amene akuseweretsa foni yake sangakwanitse, ndipo n'chifukwa chake nthawi ya kampeni timakhala awiri pa tebulo, wina woyang'ana zithunzi, wina womvetsera basi.

Kamera nazonso timaziuza zochita. Nthawi ya kampeni sitiyandikitsa nkhope ya aliyense wa m'mabenchi. Kamera imodzi imakhala paguwa, ina pa kwaya, ndipo yojambula mpingo wonse imaima kumbuyo kuti izionetsa misana. Zimenezi zimathetsanso vuto la zovala. Anthu amabwera atavala makaka a zipani zawo, ena mwadala, ena chifukwa malaya abwino amene ali nawo ndi omwewo, ndipo sitingaime pakhomo n'kumabweza anthu chifukwa cha mtundu wa nsalu. Koma tikhoza kusankha kuti kamera isakhazikike pa iwo. Kwaya yokha ndiyo timaipempha kuti ivale yunifolomu yake masabata amenewo. Ndipo tionenso mitundu imene timakongoletsera mitu ndi zithunzi zapachikuto: ngati mtundu umene tchanelo yakhala ikugwiritsa ntchito zaka zonse ukufanana ndi wa chipani china, tiusiye momwemo, chifukwa kusintha mwadzidzidzi nakonso kumalankhula. Chosayenera ndi kuyamba mtundu watsopano pakati pa kampeni.

Zikalephereka zonsezi, chinthu n'kutuluka, mapemphero akangotha vidiyo iikidwe pa `Private`, osati `Unlisted`, chifukwa ya `Unlisted` aliyense amene ali ndi linki amaitsegulabe. Mu YouTube Studio muli `Editor`, mmene mungadule gawo lapakati vidiyo n'kukhalabe pa linki yomweyo, koma kudulako kumatenga nthawi kuti kumalizike, mwina maola, ndiye musaitsegulire anthu musanaionenso. Tsiku lija ine ndikanadula kuyambira pa 1:52:10 mpaka pa 1:57:40, moni ndi pemphero lomwe. Sindinatero chifukwa sindinaone cholakwika. Komabe ndisakunamizeni: kudula pambuyo kumateteza tchanelo yokha. Amene anajambula sikirini yake mapemphero ali mkati ali nacho kale chidutswa chake, ndipo anyamata atatu aja analinso ndi mafoni awo. Kusiyana kwake n'kwakuti vidiyo ya pa foni yawo ndi yawo, yogwedera, yojambulidwa chapambali. Yathu ili ndi chizindikiro cha mpingo, mawu omveka bwino ochokera ku mikisa, ndi kamera yoyang'ana kuchokera paguwa. Ya iwo imanena kuti munthuyu anapita kutchalitchi. Yathu imanena kuti tchalitchi chinamuonetsa.

Pali msampha wina umene umagwira anthu osamala omwe: mavidiyo akale. Mlandu suola. Munthu amene anadzatsegulira nyumba ya abusa zaka zitatu zapitazo ali mkulu wa boma chabe, lero akupikisana, ndipo vidiyo ija ikadali pa tchanelo, dzina lake lili pamutu. Anthu akayamba kufufuza dzinalo, vidiyoyo imadzukanso, ndipo woonera sayang'ana deti. Kampeni isanayambe, munthu mmodzi akhale pansi ndi mndandanda wa opikisana, afufuze dzina lililonse m'mitu ndi m'mafotokozedwe a mavidiyo onse, ndipo imene yapezeka ibisidwe mpaka zotsatira zitalengezedwa ndi milandu ya chisankho itatha. Mungazindikire kuti mwachedwa mukaona pa `Analytics` vidiyo yakalekale ikukwera mwadzidzidzi popanda chifukwa cha mpingo. Chimodzimodzi mavidiyo amene munawakonzeratu kuti adzatuluke okha pa tsiku lakutilakuti. Mayiko ambiri amatseka kampeni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Ku France, mwachitsanzo, kumene amavota Lamulungu, uthenga wokopa ovota umaletsedwa ngakhale pa intaneti kuyambira pakati pa usiku wa Lachisanu. Vidiyo imene munaikonza mwezi wathawo sidziwa zimenezo, imangotuluka pa ola lake.

Ndikudziwa chimene owerenga ena akufuna kundifunsa, chifukwa mkulu wina wa mpingo, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anandifunsa maso ndi maso. Anati, "Mwanawe, ndiye ukufuna mpingo ukhale chete anthu akuba mankhwala m'zipatala? Natani anakhala chete pamaso pa Davide?" Funsoli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulizemba. Mpingo umene umaopa kunena kuti kuba ndi tchimo chifukwa wakubayo ali pa balota wataya ntchito yake. Ngati lamulo langali likutanthauza kudula ulaliki uliwonse wokhudza ziphuphu, njala, kapena kugula mavoti, ndiye ndi lamulo loipa ndipo ndingakhale woyamba kulitaya.

Koma taonani bwino nkhani ya Natani. Anapita kwa mfumu n'kuiuza tchimo lake. Sanatuluke kukauza anthu kuti tsopano tsatirani uje, ndiye wabwino. Ndipo mu 1 Mafumu 22 muli aneneri 400 amene anauza Ahabu zimene ankafuna kumva, Mikaya yekha n'kunena zosiyana. Onsewo ankalankhula za boma ndi za nkhondo. Chimene chinawasiyanitsa ndi chakuti 400 aja anali a mfumu, Mikaya sanali wa munthu. Desmond Tutu anadzudzula boma la tsankho ku South Africa kwa zaka zambiri popanda mantha, koma mu 1990, zipani zimene zinali zoletsedwa zitaloledwa, mpingo wa Angilikani umene ankautsogolera unaletsa ansembe ake kukhala mamembala a zipani, ndipo ansembe ena amene ankakonda chipani cha ANC anakwiya naye. Pambuyo pake Tutu yemweyo anadzudzula boma la ANC mwamphamvu. Akanakhala kuti anavala malaya awo, ndani akanamumvera? Malamulo a mpingo wa Katolika a 1983 nawonso, pa kanoni 287, amauza ansembe kuti asamatenge mbali m'zipani za ndale, pamene mpingo womwewo suleka kulankhula za chilungamo.

Ndiye pa tebulo la zoulutsira timayesa chonchi. Tisanatulutse ulaliki wokhudza dziko, timadzifunsa kuti: zipani zikanasinthana malo, olamulira n'kukhala otsutsa, kodi ulaliki uwu ukanalalikidwa chimodzimodzi, ndipo ife tikanautulutsa ndi mutu womwewu? Abusa akanena kuti wolandira ndalama kuti avote wagulitsa chikumbumtima chake, ndipo wopereka ndalamayo wachimwa koposa, mawuwo amaluma aliyense amene akuchita zimenezo. Atuluke onse, osadula. Akanena kuti musabwerere ku Iguputo pamene aliyense akudziwa chipani chimene chinalamulira kale, kapena kuti nthawi ya Sauli yatha, Davide akubwera, dzina silinatchulidwe koma aliyense walimva. Umenewo ndi uthenga wa kampeni wovala Baibulo, ndipo sukuyenera kukhala pa tchanelo. Choipa kuposa zonse ndi vidiyo ya ulosi wonena amene adzapambane. Imakopa oonera ambiri kuposa ina iliyonse, ndipo imaika dzina la Mulungu pa balota. Akaluza amene analoseredwayo, vidiyo ija imatsala pamenepo, achinyamata n'kumaitumizirana kuti taonani Mulungu wawo.

Kuyesa kumeneku sikugwira paliponse, ndivomere. Pali nthawi imene chipani chimodzi chokha ndicho chikuchita choipa, monga kumenya anthu pamisonkhano, ndipo kudzudzula chiwawa kumamveka ngati kuloza chala mbali imodzi. Pamenepo ndimati ulaliki utuluke, chifukwa chodzudzulidwa ndi mchitidwe, ndipo mpingo ukanadzudzula aliyense wouchita. Koma utuluke wathunthu, ndi mutu wa vesi lake, osati kachidutswa ka masekondi 40 kamene tadula tokha pofuna kuti kafalikire. Tikayamba kudula tokha mawu otentha, tayamba kugwira ntchito ya anyamata atatu aja. Ndipo pa nkhani zovuta chonchi, womaliza kugamula asakhale wa pa laputopu. Ife tinasankha akulu awiri amene aliyense akudziwa kuti amakonda zipani zosiyana. Onse awiri akavomera, vidiyo imatuluka. Mmodzi akakana, imadikira mpaka chisankho chitadutsa.

Pemphero la atsogoleri ndi lovutanso, pamene mtsogoleri wa dziko naye akupikisana. Malemba amatiuza kupempherera olamulira, ndipo sitingaleke chifukwa cha kampeni. Chimene tinagwirizana ndi kusunga mawu amene timapempherera chaka chonse, otchula udindo osati kuyamikira munthu, n'kuwonjezera onse amene akupikisana, oyendetsa chisankho ndi ovota, popanda mayina. Pemphero likayamba kupempha kuti Ambuye amuwonjezere zaka zina zisanu, kapena kuti Ambuye atichotsere goli ili, womvetsera uja pa tebulo amadziwa chochita.

Amene akuganiza kuti mtumiki wokhwima sangakodwe aganizire za Billy Graham, mlaliki wotchuka wa ku America. Mu Meyi 1970, pa msonkhano wake waukulu wachitsitsimutso ku Knoxville, anapatsa Pulezidenti Richard Nixon mpata wolankhula pa nsanja, m'chaka chimene dzikolo linali ndi chisankho cha aphungu. Nixon anatula udindo mwamanyazi mu 1974, ndipo dzina la Graham linadetsedwa nawo. Mu 2011, ali wokalamba, atafunsidwa zimene akanachita mosiyana, chimodzi mwa zimene anatchula n'chakuti akanatalikirana ndi ndale. Ku Kenya, mu Seputembala 2021, chisankho cha 2022 chikuyandikira, Akibishopu wa Angilikani Jackson Ole Sapit analetsa andale kulankhula m'matchalitchi a mpingo wake, ndipo anayambira pa mwambo umene andale akuluakulu anali atakhala kale m'mipando. Iye anatseka guwa lenilenilo. Ine ndikupempha chochepa kuposa pamenepo, kuti mipingo imene sinafike potseka guwa itseke kamera.

Mtengo wake ulipo, ndipo ndi bwino kuudziwiratu. Oonera amachepa, chifukwa mavidiyo a mipingo ina okhala ndi nkhope zotchuka ndi amene amayenda masabata amenewo. Alendo ena amakhumudwa, ndipo amene amabwera chifukwa cha kamera amasiya kubwera, zopereka zawo n'kupita nawo. Chowawa kwambiri chinatipeza pa zipangizo. Kamera yathu yachiwiri inali yakale, yosaona bwino kukachita mdima, ndipo wopikisana wina anatumiza uthenga kuti akufuna kutigulira ziwiri zatsopano. Achinyamata a gulu lathu anasangalala, inenso mtima unagunda. Akulu anakana, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita bwino, ngakhale kuti mpaka lero tikujambulira yakale ija. Munthu amene wakugulira kamera sungamuuze kuti kamerayo isamuone.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingachilamulire kwathunthu, ndicho malonda amene amaoneka vidiyo isanayambe. YouTube inasintha malamulo ake mu 2020 kuti ikhoza kuika malonda ngakhale pa matchanelo amene salandira ndalama, ndiye uthenga wa chipani ukhoza kutsogola ulaliki wanu inu osafunsidwa. Tchanelo imene ili mu pulogalamu yolandira ndalama za malonda ili ndi mwayi wotseka gulu la malonda a ndale, ndipo iyenera kutero kampeni isanayambe. Enafe chimene tingachite ndi kulemba pansi pa vidiyo iliyonse, komanso kulengeza m'tchalitchi, kuti malonda sasankhidwa ndi mpingo.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa zonsezi si mbiri ya tchanelo. Ndi anthu amene tchaneloyo inapangidwira. Tinayamba kuulutsa chifukwa cha odwala, okalamba amene miyendo yawo siwafikitsanso kutchalitchi, ndi ana a mpingo amene ali kutali. Pakati pawo pali a chipani chilichonse, ndipo chisankho chikatha theka la iwo lidzakhala lolira. Amenewo adzafuna malo amodzi amene sadzawakumbutsa kuti aluza. Mlendo ndi mame, wandale uja sanabwerenso chisankho chitadutsa, ndipo denga tinakonza tokha. Yakobo anachenjeza za kupatsa mpando wabwino munthu wovala mphete yagolide, wosauka n'kuuzidwa kuti aime uko. Masiku ano mpando wabwino kwambiri m'tchalitchi ndi pamene kamera yaloza.

Mlongo uja wa mu kwaya ndinamuyankha tsiku lomwelo kuti mpingo sunasankhe aliyense, kavidiyoko n'kodulidwa. Anandiyankha kuti akundikhulupirira, koma amuna ake, amene anali atayamba kumene kuonera mapemphero athu pa foni ali kuntchito, anaona kavidiyoko iye asanakaone, ndipo anamuuza kuti tchalitchi chanucho n'cha chipani. Ndinawatumizira vidiyo yonse ya maola awiri ndi theka kuti aone mmene zinakhalira. Mlongoyo anandiuza kuti sanaitsegule.